TSIKU LOLEMBEDWA NDI TSIKU LOGANIZIRA

M'nyumba zambiri za ku migodi ndi za m'matauni muli timabuku takale m'mene atate kapena agogo anali kulemba zocitika za tsiku ndi tsiku: za malipiro, za kubadwa kwa ana, za maliro ndi za maulendo a kumudzi. Koma munthu wolemba buku lotere sakumbukira masiku onse kuika deti. Pena alemba dzina la tsiku lokha, monga Lacitatu. Pena alemba kuti "dzulo". Pena salemba kanthu konse. Mwini buku akamwalira, amene afuna kukopa mauwo kapena kuwasindikiza apeza nchito ziwiri. Yoyamba ndiyo kuika zolembazo mu mndandanda wace, kuti ca kale cikhale patsogolo. Yaciwiri ndiyo kuonetsa poyera kuti tsiku ili analemba mwini wace, koma ili n'loganizira cabe. Nkhani ya kabuku kotsiriza ka David Livingstone, amene anafera m'dziko lino, ionetsa bwino m'mene nchito ziwirizi zicitikira, ndi m'mene zilakwikira.

Masiku otsiriza a m'kabuku

M'mwezi wa Epulo 1873 Livingstone anali kuyenda m'madambo a kumwera kwa nyanja ya Bangweulu, ali wodwala kwambiri. Anali ndi kabuku kakang'ono ka m'thumba m'mene anali kulemba za ulendo. Pa 21 Epulo analemba kuti analephera kukwera bulu. Kuyambira pa 22 Epulo anthu ace anamnyamula pa macila, ndipo mphamvu yolemba inamcepera, kotero kuti pa masiku asanu analemba madeti ndi maola a ulendo, osaonjezapo zambiri. Pa 22 anayenda maola awiri ndi kota, pa 23 ola limodzi ndi theka, pa 24 ola limodzi, pa 25 ola limodzi, ndipo pa 26 maola awiri ndi theka, nafika kwa mfumu Kalunganjovu. Pa 27 Epulo, tsiku la Sabata, analemba kuti mphamvu zamthera, kuti watuma anthu kukagula mbuzi za mkaka, ndi kuti ali m'mbali mwa mtsinje umene lero uchedwa Lulimala. Amenewa ndiwo mau ace otsiriza.

Kufikira pamenepa zonse n'zolembedwa ndi dzanja la mwini buku. Kupitirira pamenepa, tsiku liri lonse la nkhaniyi ndi la munthu wina amene anawerenga masiku pa zala, kapena amene anaganizira.

Livingstone atamwalira m'mudzi wa Chitambo, m'dziko la Alala, akulu a ulendo, Susi ndi Chuma, anasonkhanitsa anzao kuti atsegule mabokosi ace pamaso pa onse. Pakati pao panali mnyamata wodziwa kulemba Cingelezi, dzina lace Jacob Wainwright. Iyeyu anatenga kabuku komweko nalembamo mndandanda wa katundu: cipewa, wochi, kampasi, zida zoyesera ndi tindalama pang'ono. Pamwamba pa mndandandawo anaikapo deti, 28 Epulo, ndi nthawi ya 11 koloko usiku.

Munthu wotsegula kabukuko mosadziwa mbiri yace aona 27 Epulo, ndipo pambuyo pace 28 Epulo, naganiza kuti zonse ziri m'malo mwace, ndi kuti Livingstone anafa tsiku lotsatira mau ace otsiriza. Koma detilo linali loganizira. Wainwright sanali kudziwa tsiku la mwezi. Anayang'ana deti lotsiriza m'kabuku, nayesa kuti linalembedwa dzulo lace, naonjezapo tsiku limodzi. Sanaike cizindikiro ciri conse coonetsa kuti waganizira, ndipo deti lace lioneka lolimba monga momwe aonekera madeti a Livingstone.

Kulakwa kumeneku ndiko kofala koposa pa nchito yonseyi. Mau awiri akatsatana pa pepala, sikuti atsatananso pa masiku. Pakati pa mzere umodzi ndi unzace pangapite usiku umodzi, pangapitenso mwezi wathunthu, ndipo pepala silinena.

M'mene Waller anawerengera masiku

Mtembo ndi mabuku zinafika ku gombe la nyanja ya mcere ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874, ndipo m'caka comweco mbusa wina, Horace Waller, anapatsidwa nchito yokonza mabukuwo kuti asindikizidwe. Susi ndi Chuma anapita ku Mangalande, ndipo Waller anawafunsa za masiku otsirizawo limodzi ndi limodzi.

Cimene cinaonetsa kulakwa kwa Wainwright ndico malo. Mau a pa 27 Epulo analembedwa kwa Kalunganjovu, mtsinje wa Lulimala usanaolokedwe. Koma Livingstone anafera kwa Chitambo, tsidya lina la mtsinjewo. Tsono pakati pa ziwirizi payenera kukhala masiku okwanira zonse zimene mboni zinakumbukira. Waller anawerenga motere. Pa 28 ulendo unakhalabe kwa Kalunganjovu, anthu ali kufuna mbuzi za mkaka, osazipeza. Pa 29 anaolotsa wodwalayo m'bwato namnyamula kufikira kwa Chitambo, kumene anam'mangira kanyumba. Pa 30 Chitambo anadza m'mawa kudzamuona, koma wodwalayo analibe mphamvu yolankhula naye. Usiku wace, ca pakati pa usiku, Susi anamuona wamoyo kotsiriza. Mbandakuca mnyamata wolonda, Majwara, anadzutsa Susi, ndipo anampeza atagwada pambali pa kama, atafa; posacedwa atambala analira. Potero Waller anati imfayo inacitika m'mawa wa Lacinai, 1 Meyi 1873.

Kuwerenga kumeneku n'kwanzeru, ndipo akatswiri a mbiri ambiri akulandira. Komabe kuyenera kudziwika monga kuli. Muzu wace ndi deti limodzi lolembedwa, 27 Epulo, ndipo masiku anai otsatirawo aima pa cikumbukiro ca anthu amene anafunsidwa patapita caka ndi miyezi. Akadaiwala tsiku limodzi logona pa njira, deti lonse likadasuntha.

Palinso deti lacitatu. Anthu a ulendo anakwirira mtima wa Livingstone patsinde pa mtengo wa mpundu, ndipo Wainwright anajoba dzina ndi deti pa thunthu lace. Deti la pa mtengo ndi 4 Meyi 1873. Mtengowo utayamba kuola, cigawo colembedwaco cinadulidwa mu 1899 ndi kutumizidwa ku London, kumene cisungidwa ndi bungwe la Royal Geographical Society. Pamwala wa manda ace ku Westminster Abbey, kumene anaikidwa pa 18 Epulo 1874, palembedwa 1 Meyi 1873. Imfa imodzi iri ndi madeti atatu: 28 Epulo m'kabuku, 4 Meyi pa mtengo, ndi 1 Meyi pa mwala. Awiri oyamba acokera m'dzanja la munthu mmodzi, ndipo asiyana ndi masiku asanu ndi limodzi. Pa atatuwo palibe limene linalembedwa ndi cizindikiro ca kukayika.

Kuyamba ndi pepala

Wofuna kukonza buku la masiku ayenera kuyamba ndi pepala lenilenilo asanayambe kuganiza za madeti. Mapepala othothoka awapatse manambala ndi pensulo, pangodya, monga momwe anawapezera, asanasunthe ngakhale limodzi. Cifukwa cace n'cakuti mndandanda umene mapepala anapezekamo ndi umboni, ndipo ukasokonezeka subweranso. Pambuyo pace ayang'ane zimene maso aona: ngati mau otsiriza a tsamba lina apitirira pa tsamba linzace, ngati mng'ambo wa pepala ili ulumikizana ndi wa ilo, ngati inki kapena pensulo yasintha, ndiponso ngati dzanja liri la munthu mmodzi. M'kabuku ka Livingstone kusintha kwa dzanja ndiko kucenjeza koyamba kuti deti la 28 Epulo siliri la mtundu umodzi ndi la 27.

Pepala lithanso kupereka malire a nthawi. Mu 1871 Livingstone ali ku Nyangwe, pa mtsinje wa Lualaba m'dziko la Kongo, mapepala ndi inki zinamthera. Anadula nyuzipepala yakale ya ku London yochedwa The Standard, nalemba mopingasa pamwamba pa mau osindikizidwa, ndi inki yopanga ndi njere za mtengo. Inkiyo inafufuta, ndipo zolembazo zinawerengeka bwino mu 2011, akatswiri atazijambula ndi nyali za mitundu yosiyana. Nyuzipepalayo inali ya pa 24 Novembala 1869. Ici citsimikiza cinthu cimodzi cokha, cakuti palibe mau a pa mapepalawo amene analembedwa tsikulo lisanafike. Sicinena kuti analembedwa pafupi ndi tsikulo, pakuti pamapepala omwewo pali nkhani ya kuphedwa kwa anthu ambiri pa msika wa Nyangwe pa 15 Julayi 1871, patapita pafupi miyezi 20. Comweconso ndi buku la kalendala ya caka cakuti, kapena kumbuyo kwa cikalata ca malipiro: deti losindikizidwa liuza tsiku loyambirapo kuwerenga, siliuza tsiku lolembera.

Zikhomo ziwiri

Atatha kuyang'ana pepala, wokonza afunefune zikhomo, ndiwo mau amene deti lace liri lotsimikizika. Mau opanda deti aikidwa pakati pa zikhomo ziwiri, cakumbuyo ndi cakutsogolo, ndipo nchito yonse ndiyo kucepetsa mpata wa pakati. Zocepetsa mpatawo zipezeka m'mau momwemo. Dzina la malo lithandiza kwambiri pa ulendo, pakuti munthu safika tsidya asanaoloke. Dzina la tsiku lithandiza koposa, pakuti m'mpata wa masiku khumi Lacitatu lipezeka kamodzi kapena kawiri kokha. Mwezi wa kumwamba ubwerera pamene unali patapita masiku 29 ndi theka, ndipo pali mabuku oonetsa usiku umene unakhala wathunthu m'caka ciri conse. Mvula yoyamba, cimanga caciwisi ndi kupsa kwa chire zionetsa nyengo, koma sizionetsa caka.

Citsanzo congopeka cionetsa kagwiridwe kace. Munthu apeza m'buku la agogo ace, amene anagwira nchito ku mgodi, tsamba lopanda deti lonena kuti lero ndi Laciwiri, ndi kuti Loweruka lapitali dziko linalandira ufulu. Zambia inalandira ufulu Loweruka pa 24 Okutobala 1964, ndipo Laciwiri lotsatira linali 27 Okutobala. Pano zizindikiro ziwiri zigwirizana, ndipo deti liri lolimba, ngakhale mwini buku sanalilembe. Pa tsamba lina agogowo alemba za ngongole ya mapaundi ndi masheleni. Ndalama ya kwaca ndi ngwee inayamba mu Januwale 1968, kotero tsambalo lioneka la kale kuposa pamenepo. Koma cizindikiro cimeneci cokha n'cofooka, pakuti okalamba ambiri anapitiriza kuwerenga ndalama ndi maina akale. Cala cimodzi siciswa nsabwe: deti loima pa cizindikiro cimodzi liyenera kukhala ndi funso.

Pali cenjezo linanso. Deti lolembedwa ndi mwini buku ndi umboni wa zimene iye anayesa, ndipo lingakhale lolakwa. Livingstone ndi Henry Morton Stanley anakomana ku Ujiji mu 1871, onse awiri atadwala pa njira ndi kusokoneza ciwerengero ca masiku. Stanley m'buku lace anaika kukomanako pa 10 Novembala, pamene buku la Livingstone likuika kumapeto kwa Okutobala. Wokonza akapeza deti lotere asalifafanize ndi kulembapo lace. Alikope monga liri, ndipo cikonzo cace aciike pambali.

Zizindikiro za wokonza

Anthu a ku migodi adziwa kuti pa mapu a pansi pa nthaka, mwala umene waonedwa ndi maso ujambulidwa ndi mzere wathunthu, koma kumene akatswiri angoyembekeza kuti mwalawo upitirira ajambula mzere wodukaduka. Wokumba akasokoneza mizere iwiriyi ataya nchito ya miyezi. Okonza mabuku nawonso ali ndi mzere wao wodukaduka, ndiwo timipanda tiwiri ta ngodya, kamodzi kutsogolo kwa mau ndi kena kumbuyo, timene osindikiza aticha mabulaketi. Lamulo lace ndi limodzi: cimene ciri kunja kwa timipanda ncolembedwa m'buku, cimene ciri m'kati ncoonjeza ca wokonza.

Kulimba kwa deti kuli ndi makwerero anai. Deti limene mwini buku analemba liima lokha, motere: 27 Epulo. Popeza iye sanalembe caka pa mzere umenewo, wokonza akafuna kucionetsa alemba 27 Epulo [1873]. Deti limene silinalembedwe, koma umboni wace uli wokwanira, lilowa lonse m'timipanda, monga tsamba la agogo lija: [27 Okutobala 1964]. Deti loganizira, limene lingasinthe umboni wina ukapezeka, lilandira cizindikiro ca funso m'kati mwa timipanda: [1 Meyi 1873?]. Ndipo pamene tsiku limodzi silingasankhidwe, wokonza alemba malire onse awiri: [pakati pa 28 Epulo ndi 4 Meyi 1873]. Funso liyenera kuima pafupi ndi cimene cikayikidwa. Ngati mwezi ndi caka ziri zodziwika, koma tsiku lokha ndilo lovuta, kulemba [1? Meyi 1873] kuuza wowerenga zambiri koposa.

Cizindikiro cokha sicikwana; pansi pa tsamba payenera kukhala mau ocepa onena cifukwa. Mndandanda wa Wainwright, wokonzedwa bwino, ukhala ndi mutu wotere: 28 Epulo [1 Meyi 1873?]. Pansi pace wokonza afotokoza kuti dzanja ndi la Wainwright, kuti iye anatenga deti poonjeza tsiku limodzi pa mau otsiriza a Livingstone, kuti mau amenewo analembedwa mtsinje usanaolokedwe, ndi kuti 1 Meyi licokera pa kuwerenga kwa Waller, kotsata mau a Susi ndi Chuma. Wowerenga akaona izi akhoza kubwereza ciwerengeroco yekha, ndipo ngati apeza polakwa adziwa pamene ayenera kukonza. Waller mwini wace anacita bwino pa mbali iyi: m'buku la 1874 anatsekera mau ace ambiri m'timipanda, anasindikiza cifanizo ca masamba otsiriza a kabukuko, ndiponso anafotokoza m'mene Wainwright analakwira.

Zoopsa ziwiri

Coopsa coyamba ndico kumanga coganizira pamwamba pa coganizira cinzace. Wokonza apatsa tsamba loyamba deti la funso, ndipo pofika pa tsamba laciwiri, limene liyamba ndi mau akuti "m'mawa mwace", aiwala funso lija nalemba deti lolimba. Pofika tsamba lacisanu mndandanda wonse uoneka wotsimikizika, pamene wonsewo upacikika pa msomali umodzi wogwedezeka. Njira yodziwira ndiyo kutsata deti liri lonse cobwerera m'mbuyo kufikira cikhomo ceniceni. Ngati pa njirapo pali funso limodzi, madeti onse otsatira alandire funso. Ndipo tsamba limene lakana kulowa pena pali ponse lisakakamizidwe. Liikidwe kumapeto, pansi pa mutu wakuti masamba opanda deti, pamodzi ndi nambala ya malo amene linapezeka.

Coopsa caciwiri ndico kugwa kwa timipanda pokopa. Woyamba alemba deti ndi funso lace. Waciwiri pokopa asiya funso. Wacitatu asiya timipanda. Wacinai alijoba pamwala. Ndimo m'mene 1 Meyi 1873, ciwerengero ca mbusa wofunsa mboni ziwiri, lilowera m'mabuku a sukulu monga ngati Livingstone analilemba yekha. Pa imfa ya munthu wochuka kusiyana kwa masiku atatu sikupweteka munthu. Koma buku la agogo tsiku lina lingatengedwe ku bwalo la mirandu, kukaonetsa caka cimene munda unagulidwa, tsiku limene munthu analowa nchito, kapena mwana amene anabadwa poyamba. Pamenepo oweruza adzafunsa kuti detilo analemba ndani, ndipo buku lokopedwa bwino lidzayankha lokha: ili ndi la mwini wace, ili ndi la mdzukulu amene anawerenga masiku, ndipo cifukwa cace ciri pansi pa tsamba.